Foni ikuonetsa 32 Mbps koma gemu ya pa kilaudi ikuchedwa kumvera batani: vuto lili pati?

Chifundo, Nchalo

Akuluakulu ndi anzanga nonse, ndikupempha nzeru pa nkhani ya magemu a pa kilaudi, aja amene gemu siikhala mu foni koma imayenda pa kompyuta yamphamvu ya kutali, foni n'kumangolandira zithunzi. Foni yanga ndi yapakatikati ndipo siingathe kunyamula magemu akuluakulu a mpira, n'chifukwa chake ndinafuna kuyesa njira imeneyi. Ndisanayambe ndinayeza intaneti yanga ndi Speedtest, ndipo inaonetsa liwiro la 32 Mbps, ndiko kuti mamegabiti 32 pa sekondi, pamene eni ake a utumikiwo amalemba kuti 15 Mbps ndi yokwanira. Zithunzi zikubwera zooneka bwino ndithu, koma ndikadina batani loti wosewera apatsire mpira, iye amayamba wathamanga kaye asanamvere, moti mdani amakhala atalanda kale. Kodi liwiro lofunika kwenikweni ndi lotani, ndipo kuchedwa kumeneku kukuchokera pati?

Madalitso, Bangula

Achimwene, manambala amene makampani amalemba aja ndi oyambira chabe, ndipo 32 Mbps ya pa foni siikhazikika chifukwa imakwera ndi kutsika pa mphindi iliyonse. Ine ndikuona kuti mukufunika intaneti yofika 100 Mbps, ndipo kuchedwako kudzatha kokha. Mpaka 5G idzafike kuno ku chigwa, nkhani imeneyi ndi yovuta.

Bambo Dzinga, Makhanga

Ine sindikumvetsa chimene chikukuvutani, pakuti ana anga amasewera PUBG Mobile ndi anzawo a kutali pa foni wamba, ndipo bandulo yaing'ono imawakwanira masiku angapo. Netiweki ya kuno siifika ndi pa 10 Mbps pomwe nthawi zambiri. Mwina vuto ndi foni yanuyo osati intaneti.

Bambo Malunga, Ngabu

Ndiyambe ndi a Dzinga, chifukwa zimene akunenazo ndi zoona koma ndi za mtundu wina wa masewera. Gemu imene ana anu amasewera ija ili mu foni momwemo. Foni ndi imene imajambula chilichonse, ndipo mwana akadina batani, munthu wa mu gemu amasuntha nthawi yomweyo osadikira yankho la seva, kompyuta ya kutali imene foni imalumikizana nayo. Pa intaneti pamangodutsa timauthenga tating'ono tonena kuti wakuti ali pakuti, n'chifukwa chake bandulo imakhalitsa. Kwa a Chifundo zinthu n'zosiyana, pakuti foni yawo siidziwa chilichonse cha gemuyo. Imatumiza uthenga woti batani ladinidwa, kenako imadikira kuti seva ijambule zotsatira zake ndi kuzibweza ngati vidiyo. Choncho kuchedwa konse kwa m'njira kumaonekera pa chala chenichenicho, ndipo palibe chobisira.

Tsopano za liwiro. NVIDIA amalemba kuti GeForce NOW, utumiki wawo wa magemu a pa kilaudi, imafuna 15 Mbps kuti munthu aone zithunzi za 720p zokwana 60 pa sekondi, ndi 25 Mbps pa zithunzi za 1080p. Microsoft amalangiza 10 Mbps pa foni kwa ogwiritsa ntchito Xbox Cloud Gaming, ngakhale kuti Malawi sali pa mndandanda wa mayiko amene utumikiwo umapezeka. Ndiye pa mbali ya liwiro, 32 Mbps ya a Chifundo ikukwana, ndipo umboni wake ndi woti zithunzi zikubwera zoyera. Liwiro likachepa, chimene chimayamba kuoneka ndi zithunzi zachimbuuzi kapena zophwanyika m'timabokosi, makamaka kamera ikamatembenuka mofulumira, chifukwa seva imachepetsa ubwino wa vidiyo kuti ikwane m'njira.

Koma pa tsamba lomwelo NVIDIA amalembanso nambala yachiwiri imene ambiri amailumpha. Amati uthenga uzipita ku seva yawo ndi kubwerako pa nthawi yosafika mamilisekondi 80, ndipo amalangiza kuti ikhale yochepera 40. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi, ndipo pa sikirini imalembedwa kuti ms. A Chifundo, tatiuzeni zinthu ziwiri: nambala ya ping, ndiko kuti nthawi ya ulendo wopita ndi kubwera, imene Speedtest inaonetsa pamodzi ndi dzina la mzinda wa seva imene inayezerapo, komanso nambala ya ms imene pulogalamu ya gemuyo ikuonetsa mukamasewera.

Chifundo, Nchalo

Zikomo kwambiri Bambo Malunga. Speedtest ikuonetsa ping ya 29 ms, ndipo seva yake yalembedwa kuti ili ku Blantyre. Mu pulogalamu ya gemu ndapeza poonetsera za netiweki, ndipo nambala ikusinthasintha pakati pa 185 ndi 200 ms, pomwe seva imene yandisankhira ili ku Ulaya. Chikundidabwitsa n'choti intaneti ndi yomweyomweyo, nanga manambalawa akusiyana chotere chifukwa chiyani?

Bambo Malunga, Ngabu

Akusiyana chifukwa akuyeza maulendo awiri osiyana. Speedtest imadzisankhira seva yapafupi, ndiye 29 ms ija ndi ulendo wochoka pa foni yanu, kufika pa nsanja ya netiweki, kukwera ku Blantyre ndi kubwerera. Gawo lalikulu la nambala imeneyo silichokera pa mtunda, koma pa kalumikizidwe ka foni ndi nsanja, pakuti pa 4G foni imayamba yapempha kaye mpata kwa nsanja isanatumize kanthu. Gemu yanu siikuthera ku Blantyre ayi, ikupitirira mpaka ku Ulaya.

Mu chingwe cha faiba uthenga umayenda ngati kuwala, pa liwiro la makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, amene ndi makilomita 200 pa milisekondi imodzi. Popeza uthenga uyenera kupita ndi kubwera, makilomita 100 aliwonse a chingwe amawonjezera milisekondi imodzi. Kuchoka ku Nsanje kufika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 180, amene sakwana ndi mamilisekondi awiri omwe, ndiye kukhala kwathu kuno ku chigwa si kumene kukutipweteka. Koma kuchoka ku Blantyre kufika ku London, ngakhale mutawongola mzere osakhota, ndi makilomita oposa 8,000, ndiye kuti mamilisekondi oposa 80 atha kale tisanawerenge china chilichonse. Zingwe zenizeni siziyenda mowongoka. Dziko lathu lilibe gombe la nyanja yamchere, choncho uthenga umadutsa kaye m'mayiko oyandikana nafe kuti ukapeze zingwe za pansi pa nyanja monga SEACOM ndi EASSy, zimene zimafika kumtunda m'malo ngati Dar es Salaam ndi Maputo, ndipo kuchoka pamenepo zimazungulira Africa. Mukawonjezera makina onse amene uthenga umadutsamo m'njira, 190 ms yanuyo ndi nambala yoyembekezeka, siikusonyeza kuti pali chinthu chowonongeka.

Komanso 190 si kuchedwa konse kumene chala chanu chikumva. Tiyeni titsatire batani limodzi. Mukalidina, foni imatenga kanthawi kuti izindikire, ndipo ngati mukugwiritsa ntchito chowongolera cha Bluetooth tingaikepo mamilisekondi 10 kapena kuposerapo pang'ono. Uthenga ukafika ku seva, gemu imadikira chithunzi chotsatira n'kuchijambula. Pa zithunzi 60 pa sekondi, chithunzi chilichonse chimatenga mamilisekondi pafupifupi 17, ndipo magemu ambiri amafuna chithunzi chimodzi kapena ziwiri kuti aonetse zotsatira za batani, ndiye tiikepo 30. Kenako seva imapanikiza chithunzicho kuti chichepe, mwa njira monga H.264 kapena H.265, zimene zimatenga mamilisekondi ochepa, tinene 5. Chikafika pa foni chiyenera kumasulidwa, tinene 10, kenako chimadikira nthawi imene sikirini isinthe chithunzi, imene ingafike 17. Zonsezi zikupitirira pang'ono mamilisekondi 70, ndipo zikanakhalapo ngakhale seva ikanakhala pa Nchalo pomwepo. Mukaphatikiza ndi 190 mukupeza pafupifupi 260, ndiko kuti kupitirira pang'ono gawo limodzi mwa magawo anayi a sekondi. Wosewera wothamanga mamita 8 pa sekondi amakhala atayenda mamita awiri pa nthawi imeneyo, ndipo n'zimene mukuona pa sikirini.

Madalitso, Bangula

Bambo Malunga, ndikumva za mtunda, komabe sindikukhutira. Ngati intaneti ili yothamanga katatu, chithunzi chiyenera kufika msanga katatu. Ine ndikamakopera filimu pa netiweki yabwino imatha msanga, ndiye zingatheke bwanji kuti liwiro lisathandize pa gemu?

Bambo Malunga, Ngabu

Limathandiza, a Madalitso, koma pang'ono kwambiri, ndipo tikhoza kuwerengera. Vidiyo ya 15 Mbps mukaigawa m'zithunzi 60, chithunzi chimodzi chimakhala ndi makilobiti 250. Pa njira ya 32 Mbps, kuti chithunzi chimenecho chilowe chonse kuchokera poyambira mpaka pothera zimatenga mamilisekondi pafupifupi 8. Pa njira ya 100 Mbps zimatenga awiri ndi theka. Ndiye mwalipira intaneti yothamanga katatu n'kupulumutsa mamilisekondi osakwana 6 pa 260 aja, ndipo palibe chala chimene chingamve kusiyana kwake. Filimu imatha msanga chifukwa ndi katundu wambiri amene akungothiridwa mosalekeza, ndipo palibe amene akudikira yankho pakati pake. Gemu ndi kufunsa ndi kuyankha kosatha, ndipo yankho lililonse liyenera kuyenda mtunda wonse.

Pamene mukunena zoona ndi pa kusakhazikika kwa netiweki ya pa foni. Mpata wotsala pamwamba pa 15 Mbps ndi wofunika, chifukwa liwiro likatsika mwadzidzidzi kufika pansi pa zimene vidiyo ikufuna, zithunzi zimayamba kuunjikana m'njira ndipo kuchedwa kumakwera. Choncho 20 Mbps yosagwedezeka imaposa 100 Mbps imene imagwa pafupipafupi. Za 5G, iyo imafupikitsadi gawo la pakati pa foni ndi nsanja, ndiye kuti imadula pa 29 ms ija, koma siikhudza ulendo wa ku Ulaya.

Tiyamike, Nsanje

Ine ndikufuna kuonjezera nkhani ya ndalama, chifukwa tikukamba za Mbps ngati kuti n'zaulere. Anthu ambiri amasokoneza megabiti ndi megabaiti, pomwe baiti imodzi ndi mabiti 8. Vidiyo ya 10 Mbps imadya megabaiti imodzi ndi kota pa sekondi, imene ndi magigabaiti anayi ndi theka pa ola. Pa 15 Mbps ola limodzi limadya magigabaiti oposa 6 ndi theka, ndipo pa 25 Mbps limadya oposa 11. Munthu wogula bandulo ya magigabaiti 10 kuti imukwanire mwezi akhoza kuimaliza madzulo amodzi osadziwa. Pa sikirini yaing'ono ya foni kusiyana kwa 720p ndi 1080p sikuoneka kwambiri, choncho ngati pulogalamu ikulola kusankha, ndi bwino kusankha 720p ndi kuika malire a liwiro la vidiyo.

Koma ndili ndi vuto langa losiyana ndi la achimwene a ku Nchalo. Ine seva imene ndimalumikizana nayo ili ku South Africa, ndipo m'mawa gemu imamvera bwino ndithu moti ndimatha kuyendetsa galimoto ya mpikisano osagunda khoma. Kukangoda, zimasintha. Sikuti imachedwa mofanana nthawi zonse ayi, koma imayenda bwino kwa masekondi angapo, kenako chithunzi chimaima, n'kulumpha, ndipo ndimapezeka ndatuluka kale mu msewu. Ndikayeza liwiro nthawi yomweyo ndimapezabe 18 kapena 20 Mbps.

Bambo Malunga, Ngabu

Achemwali, mawerengero anu a bandulo ndi olondola. Vuto lanulo ndi limene limapweteka kuposa la a Chifundo, chifukwa kuchedwa kofanana nthawi zonse munthu amakuzolowera n'kumadina batani msanga, pomwe kuchedwa kosinthasintha sikuzolowereka. Mtunda ukukuthandizani, pakuti kuchoka ku Blantyre kufika ku Johannesburg mowongoka ndi makilomita pafupifupi 1,400, amene ndi mamilisekondi 14 okha, ngakhale kuti njira yeniyeni ya zingwe imakhala yaitali kuposa pamenepo. Koma mtunda susintha pakati pa m'mawa ndi madzulo, ndiye chimene chikusintha ndi mzere wodikira.

Taganizani za pa chigayo. Liwiro ndi kuchuluka kwa matumba amene chigayo chimagaya pa ola, pomwe kuchedwa ndi nthawi imene inu mukhale pamenepo kuchokera pamene mwafika. Chigayo chikhoza kukhala champhamvu, koma ngati mwapeza matumba makumi awiri patsogolo panu, kathumba kanu kakang'ono kadikirabe. Makina a netiweki amasunga mapaketi, tizidutswa timene uthenga umagawidwamo, pa mzere njira ikadzaza, ndipo uthenga wa batani lanu, umene ndi waung'ono kwambiri, umaima kumbuyo kwa zonse zimene zinafika kale. Tinene kuti liwiro lanu lotumizira ndi 2 Mbps, ndipo foni ikutumiza zithunzi mwakachetechete n'kudzaza mzere wa makilobaiti 125. Amenewo ndi megabiti imodzi, ndipo pa 2 Mbps imatenga theka la sekondi kuti ituluke, ndiye batani lanu lachedwa ndi mamilisekondi 500 ngakhale liwiro lolandirira likuonekabe labwino.

Pali njira ziwiri zoonera zimenezi. Yosavuta ndi kutsegula fast.com n'kudina `Show more info`, pamene mupeze manambala awiri olembedwa kuti `Unloaded` ndi `Loaded`. Yoyamba ndi kuchedwa njira ikakhala yopanda katundu, yachiwiri ndi kuchedwa ikadzaza, ndipo zikatalikirana kwambiri dziwani kuti mzere ndi wautali. Yachiwiri ndi kuika Termux, pulogalamu yolemberamo malamulo, pa foni ya Android n'kulemba lamulo ili, m'malo mwa ADILESI mulembe adilesi ya seva imene mukudziwa kuti ili ku South Africa:

```
ping -c 100 ADILESI
```

Musagwiritse ntchito 8.8.8.8 poyesa zimenezi, chifukwa adilesi imeneyo imayankhidwa ndi maseva ambiri a m'mayiko osiyanasiyana ndipo siikuuzani za njira ya ku seva ya gemu. Muchite zimenezi m'mawa komanso madzulo, ndipo mutitumizire mizere iwiri yomaliza.

Mayi Nasemba, Chikwawa

Pepani kuti ndalowerera, koma pali funso limene mwana wanga amandifunsa ndipo ndimasowa yankho. Pa foni yomweyo, madzulo omwewo, YouTube imayenda bwinobwino osaima. Ngati netiweki ikudzaza, bwanji vidiyo imeneyo siivutika pomwe gemu, imene mwati nayo ndi vidiyo, ikuvutika?

Tiyamike, Nsanje

Mayi, limenelo ndikhoza kuyankha. Vidiyo ya pa YouTube inajambulidwa kale, choncho foni imakopera masekondi ambiri a kutsogolo n'kuwasunga, ndipo ndi kamzere kotuwa kaja kamene kamatsogola pansi pa vidiyo. Netiweki ikadodoma kwa sekondi imodzi, foni imapitiriza kuonetsa zimene inasunga ndipo inu simuzindikira kanthu. Gemu ilibe chosunga, chifukwa chithunzi chotsatira sichinakhalepo, chikudikira batani limene munthu sanadine. Foni ikafuna kusunga zithunzi zingapo kuti vidiyo isamadodome, chithunzi chilichonse chosungidwa chimawonjezera mamilisekondi 17 pa kuchedwa kwa batani.

Bambo Malunga, ndayesa monga munanenera. M'mawa manambala anali ozungulira 70 ndipo palibe paketi imene inatayika. Madzulo zatuluka izi:

```
100 packets transmitted, 97 received, 3% packet loss
rtt min/avg/max/mdev = 68.4/131.7/412.9/74.2 ms
```

Bambo Malunga, Ngabu

Manambala amenewa akufotokoza nkhani yonse. Yoyamba ija, 68.4, ndi ulendo wa paketi imene sinapeze mzere, ndipo ikufanana ndi ya m'mawa, zimene zikutsimikiza kuti njira sinasinthe. Yachitatu, 412.9, ndi paketi imene inadikira kwambiri, ndipo ndi nthawi ija imene chithunzi chanu chimaima. Yomaliza, 74.2, ikusonyeza kukula kwa kusinthasintha, ndipo pa gemu ya mpikisano timafuna kuti ikhale yaing'ono, chapafupi ndi 10 kapena kutsika. Anthu ambiri amangoyang'ana nambala yachiwiri, imene ndi yapakatikati, koma iyo ndi imene imabisa vuto.

Mapaketi atatu otayika pa 100 akuoneka ochepa, komabe si ochepa pa vidiyo yotere. Chithunzi chimodzi cha makilobiti 250 chimagawidwa m'mapaketi oposa 20, ndipo ngati atatu pa 100 aliwonse akutayika mwa apo ndi apo, pafupifupi theka la zithunzi likhoza kufika likusowa kachidutswa. Mapulogalamu amenewa amatumiza zidutswa zina zapadera zothandiza kukonzanso zotayika, koma zikapyola malire foni imayenera kupempha chithunzi chatsopano chathunthu, ndipo pempholo nalo limayenda ulendo wopita ndi kubwera.

Chimene manambalawa sakutiuza ndi malo amene mzerewo uli. Ukhoza kukhala mu foni yanu momwemo, kapena pa nsanja imene anthu ambiri akuigwiritsa ntchito akaweruka, kapena kutsogolo pa chingwe chochoka pa nsanja. Kodi foniyi ndi imenenso imagawira intaneti ena a m'nyumba?

Tiyamike, Nsanje

Inde, madzulo ndimatsegula hotisipoti kuti achimwene anga alumikize laputopu yawo. Ndaitseka n'kuimitsanso mapulogalamu amene amatumiza zithunzi paokha, ndipo nambala yaikulu yatsika kufika cha m'ma 230, mapaketi otayika atsala amodzi. Zasintha ndithu, koma sizinafike pa zimene ndimaona m'mawa.

Madalitso, Bangula

Chotsalacho ndi nsanja basi, ndipo n'chifukwa chake ndimanena kuti netiweki ya pa foni siingathandize. Pano anthu ena ali ndi Starlink, imene inayamba kupezeka m'dziko muno mu 2023, ndipo popeza siidutsa pa nsanja kapena zingwe zozungulira zija, ndikukhulupirira kuti ndi yankho la onse awiri. Kapena a Chifundo ayese VPN, chifukwa ndinamva kuti imachepetsa ping.

Bambo Malunga, Ngabu

Za nsanja zikhoza kukhala zoona, koma sindingatsimikize tisanayese. Njira yosiyanitsira ndi kuyeza madzulo omwewo ku seva ya ku Blantyre. Ngati nakonso manambala akulumphalumpha, mzere uli pafupi, pa nsanja kapena pa chingwe chake. Ngati ku Blantyre kuli bata koma ku South Africa kukulumpha, mzere uli pa njira yotulukira kunja kwa dziko, ndipo kusuntha malo okhala m'nyumba sikungathandize.

Starlink ili ndi ubwino woti masetilaiti ake amayenda pafupi, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 550, kusiyana ndi akale aja amene ali pa makilomita pafupifupi 36,000 ndipo amachedwetsa uthenga ndi mamilisekondi ozungulira 600. Koma setilaiti siipita nanu pakhomo pa seva ya gemu. Imatsitsa uthenga pa malo ena a pansi pamene kampaniyo imalumikizana ndi intaneti, ndipo kuchoka pamenepo uthenga umayenda pa faiba ngati wina aliyense. Ndiye ngati seva ili ku Ulaya, mtunda uja ulipobe. Ikhoza kuthandiza a Tiyamike pa nkhani ya kudzaza kwa madzulo ndi ya bandulo, koma munthu ayambe wayeza kaye kwa mnzake amene ali nayo asanagule. Komanso pa rauta iliyonse, foni ilumikizidwe pa Wi-Fi ya 5 GHz, chifukwa ya 2.4 GHz imagawana mafunde ndi Bluetooth ya chowongolera chija.

VPN nthawi zambiri imawonjezera kuchedwa, pakuti uthenga umayamba wapatukira kaye ku seva ya VPN. Imathandiza pokhapokha ngati njira ya nthawi zonse ikuzungulira mosayenera ndipo ya VPN ndi yachidule, zimene zimachitika koma si kawirikawiri. Siingafupikitse mtunda wa pakati pa Nchalo ndi Ulaya.

Bambo Dzinga, Makhanga

Tsopano ndamva kusiyana kwa magemu awiriwa, koma ndikadali ndi maganizo oti foni nayo ili ndi gawo. Kuno miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapyola madigiri 40, ndipo foni ya mwana wanga ikatentha chilichonse chimayamba kukokakoka. Sindikukhulupirira kuti zimenezi sizingakhudze gemu ya pa kilaudi.

Tiyamike, Nsanje

Pamenepa ndikugwirizana nanu, bambo. Ngakhale kuti foni siijambula gemuyo, imakhala ikulandira deta mosapuma, ikumasula vidiyo, sikirini ili yowala, ndipo zonsezi zimatulutsa kutentha, makamaka ngati ili pa chaja kapena siginolo ili yofooka moti foni ikulimbana kuti ifike pa nsanja. Ikatentha imadzichepetsera mphamvu yokha kuti isawonongeke. Chizindikiro chake n'choti gemu imayamba bwino, kenako pakapita mphindi zingapo imayamba kudodoma pamene nambala ya ms ya netiweki siinasinthe. Ine ndimachotsa kava, kuchepetsa kuwala kwa sikirini ndi kupewa kusewera ndikutchaja.

Chifundo, Nchalo

Ndinafuna kutsimikiza mawerengero a Bambo Malunga ndi maso anga, ndiye ndinabwereka foni ya mnzanga imene imajambula vidiyo yoyenda pang'onopang'ono ya zithunzi 240 pa sekondi. Iye anajambula chala changa pamodzi ndi sikirini, kenako tinawerenga zithunzi kuchokera pamene batani lalowa mpaka pamene wosewera wayamba kusuntha mwendo. Tinapeza zithunzi 64, ndipo popeza chilichonse ndi mamilisekondi anayi ndi kachidutswa, zikukwana pafupifupi 267. Ndinayesanso gemu ina yosinthana mpata, imene munthu amaganiza kaye asanasankhe chochita, ndipo pa seva yomweyo kuchedwako sikunandisokoneze konse. Funso langa lomaliza ndi loti, ngati ndingapeze seva ya ku South Africa ngati a Tiyamike, kodi mpira ukhoza kuseweredwa bwino?

Bambo Malunga, Ngabu

Tiwerengere ndi manambala anu omwewo. Pa 267 mukachotsa 190 ya netiweki mukutsala ndi 77, imene ndi ya chowongolera, seva ndi foni yanu, ndipo imeneyo siichoka. Mukaikapo 70 ya m'mawa ya a Tiyamike mukufika pafupifupi 147. Kumeneko ndi kusintha kwakukulu, ndipo pa mpira wosewera ndi kompyuta ine ndinganene kuti n'zotheka, koma polimbana ndi munthu amene gemu ili pa makina ake enieni mudzakhala kumbuyo ndi kamphindi pa mpira uliwonse wolimbirana. Pa 77 ija mukhoza kudulapo pang'ono mukalumikiza chowongolera ndi chingwe cha USB m'malo mwa Bluetooth, komanso mukaonetsetsa kuti vidiyo ili pa zithunzi 60 osati 30, chifukwa pa 30 kudikira kwa chithunzi chilichonse kumafika mamilisekondi 33.

Musanalipire chilichonse, tsegulani Speedtest, sinthani seva n'kusankha ya ku Johannesburg, ndipo muyeze pa ola limene mumafuna kusewera, osati m'mawa. Nambala yanu ikhoza kusiyana ndi ya a Tiyamike ngakhale nonse muli kuno ku chigwa, chifukwa makampani a netiweki amatulutsa uthenga wawo kunja kwa dziko kudzera m'njira zosiyana. Muonenso ngati utumikiwo umalola anthu a ku Malawi kulembetsa, pakuti ena amangolandira okhala m'dziko limene muli seva.

Madalitso, Bangula

Ine ndikuonabe kuti 147 ndi yochuluka pa mpira, ndipo sindingalipire mwezi uliwonse kuphatikizapo magigabaiti 6 pa ola kuti ndizisewera ndili kumbuyo. A Tiyamike, mukayeza ku Blantyre madzulo ano mutiuze zotsatira, chifukwa ngati mzere uli pa nsanja ndikufuna kuyesa chimodzimodzi kuno ku Bangula ndi simu ya kampani ina.